Imelo ya Chingerezi cha mu ofesi: mmene mungaiperekere m'Chichewa kwa wapampando wa alimi

Funso lochokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe: "Ndimagwira ntchito ku bungwe laling'ono, ndipo tili pa mgwirizano ndi gulu la alimi a mtedza kumudzi wina ku Mchinji. Anzathu akunja amene amatithandiza ndi ndalama anditumizira imelo ili m'munsiyi, ndipo abwana anga akuti ndiwalembere a wapampando a gululo m'Chichewa. Chingerezi ndimachidziwa ndithu, koma ndayesa katatu ndipo zimene zikutuluka sizikumveka ngakhale kwa ine mwini. Ndiyambire pati?"

```
Hi,
Just touching base on the groundnut pilot. We've had to push back the seed roll-out until the second tranche comes through, hopefully by end of Q3. In the meantime, could you reach out to the group and get their buy-in on scaling back from 40 to 25 farmers? The outstanding receipts need to be signed off before we can draw down. We're looking into covering transport but can't commit at this stage. Keep us in the loop.
```

Mayi, musadzikayikire, chifukwa Chingerezi chanu chilibe vuto ndipo Chichewa chanu chilibenso vuto. Imelo imeneyi ili ndi ziganizo zisanu ndi chimodzi zokha, ndipo mawu ake ambiri ndi omwe mwana wa Sitandade 5 amawadziwa, monga `push`, `back`, `look` ndi `out`. Chimene chakuvutani n'chakuti Chingerezi chimalumikiza mawu awiri aang'ono otere n'kupanga tanthauzo limene silipezeka mwa liwu lililonse palokha, kotero kuti munthu amene akumasulira liwu ndi liwu amapezeka atalemba kuti mbewu yakankhidwira kumbuyo, kuti alimi agule kulowa, ndiponso kuti akunjawo akuyang'ana m'kati mwa galimoto. Ndamasulira makalata a mtundu umenewu kwa zaka zambiri, ndipo chimene ndinaphunzira mochedwa n'chakuti imelo yotere siyenera kumasuliridwa konse. Inalembedwera inuyo, munthu wa mu ofesi. A wapampando afunika kalata yawoyawo, yochokera kwa inu, yonyamula zoona zonse zimene zili mu imeloyo, ndipo chilichonse chikhale ndi kulemera komwe chinali nako m'Chingerezi, chosapepukirapo komanso chosalemererapo.

Poyamba tsekani imeloyo, tengani pepala, ndipo mulembe m'mawu anuanu zimene zasintha, amene ayenera kuchitapo kanthu, tsiku limene ayenera kukhala atachita, ndi zimene zatsimikizika posiyanitsa ndi zimene zikungoyembekezeredwa. Mukatero mupeza kuti zambiri za mu imeloyo sizikuwakhudza a wapampando. `Just touching base` ndi moni chabe wa anthu a mu ofesi, wofanana ndi kunena kuti "ndangoti ndikuyendereni." `Keep us in the loop` akupempha inuyo kuti muziwadziwitsa mmene zinthu zikuyendera. `Reach out to the group` ndi ntchito imene mwapatsidwa inu, ndipo kalata imene mukulembayi ndiyo kukwaniritsa kwake. Zitatu zimenezi sizilowa m'kalata ya kumudzi. Zotsala ndi nkhani zinayi: mbewu ichedwa, chiwerengero cha alimi chitsika, pali malisiti amene akufunika, ndipo za thiransipoti sizinatsimikizike.

Tiyambe ndi `push back`, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amapunthwa. Pano akutanthauza kuti tsiku lasunthidwa kupita m'tsogolo, ntchito ikadalipo. Akadafuna kunena kuti ntchito yatheratu akadalemba `call off`. Kusiyana kumeneku m'Chichewa kumasokonekera mosavuta, popeza liwu limene limabwera msanga m'mutu ndi lakuti "yaimitsidwa," ndipo mlimi amene waonapo mapulojekiti akubwera n'kuzimiririka akamva kuti ntchito yaimitsidwa amatenga kuti yafa. Lembani kuti mbewu "ichedwa kufika," ndipo nthawi yomweyo muwonjezere kuti ntchito sinathe. Kubwereza kotero si kuchulutsa gaga m'diwa, chifukwa kalata imeneyi ikawerengedwa pa msonkhano pansi pa mtengo, ena adzamva chiganizo choyamba chokha n'kuyamba kulankhula. Dziwaninso kuti mawu omwewa ali ndi tanthauzo lina: mukaona `push back on` kutsogolo kwa ganizo kapena mtengo wa katundu, pamenepo akunena za kukana kapena kutsutsa, osati kusuntha tsiku. Kaliwu kamodzi kotsatira kamasintha nkhani yonse, n'chifukwa chake mukamafufuza m'dikishonale muzifufuza mawu onse awiri kapena atatu pamodzi, osati loyamba lokha.

Tsopano pali `end of Q3`, pamene ine sindingalembe kanthu ndisanafunse. Mabungwe amagawa chaka m'zigawo zinayi za miyezi itatuitatu, ndipo `Q3` ndi chigawo chachitatu. Koma chaka chake ndi chiti? Ngati akuwerenga kuyambira Januwale, chigawo chachitatu chimatha pa 30 Sepitembala. Ngati akutsatira chaka cha zachuma choyamba mu Epulo, monga cha boma la Britain komanso cha boma la Malawi kuyambira mu 2022, chigawo chachitatu chimatha pa 31 Disembala. Ngati ndalamazo zikutsatira chaka cha boma la America, chimene chimayamba pa 1 Okutobala, chigawo chachitatu chimatha pa 30 Juni. Kwa wolemba imeloyo kusiyana kumeneku ndi nkhani ya mabuku a ndalama, koma kwa mlimi wa ku Mchinji ndi nkhani ya chakudya cha chaka chonse. Mtedza umadzalidwa ndi mvula yoyamba, kawirikawiri kumapeto kwa Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala, ndipo wodzalidwa mochedwa umabereka pang'ono komanso umagwidwa kwambiri ndi matenda a kadukutu. Ndalama zofika pa 30 Sepitembala zikusiya nthawi yogulira mbewu ndi kuinyamula. Zofika pa 31 Disembala zikutanthauza kuti nyengo ya chaka chino yadutsa, ndipo alimi ayenera kuuzidwa tsopano kuti afune mbewu kwina kapena adzale china m'munda umene anasungira mtedzawo. Onaninso kuti tsiku limene latchulidwalo ndi lofika ndalama ku bungwe, osati lofika mbewu kumudzi, ndipo pakati pa masiku awiriwa pali masabata angapo amene imeloyo sinawawerenge. Kaliwu kakuti `hopefully` nakonso kasatayike: tsikulo ndi loyembekezera, si lolonjeza.

Nkhani ya chiwerengero cha alimi ndiyo yowawa kwambiri, ndipo yabisika m'mawu ofewa. `Scale back` ndi kuchepetsa, ndipo kuchoka pa 40 kufika pa 25 kukutanthauza kuti anthu 15 amene anauzidwa kuti alandira mbewu salandira. Imeloyo sinatchule nambala 15 paliponse, koma ndiyo nambala imene a wapampando adzakumane nayo pamaso, chifukwa anthu 15 amenewo ndi anansi awo, ena mwina ndi abale a mfumu, ndipo ena anasiya kale munda osadzalamo china. Muitchule m'kalata yanu. Kenaka pali `get their buy-in`, mawu amene alibe chochita ndi kugula. Amatanthauza kuti anthu agwirizane ndi ganizo ndi kulilandira ngati lawo. Vuto lake n'lakuti mawuwa sanena ngati anthuwo ali ndi mpata wokana. Nthawi zina wolemba amakhala akufunadi kumva maganizo a gulu asanagamule, koma nthawi zambiri, malinga ndi zimene ndaona, chigamulo chimakhala chitapangidwa kale ndipo chimene chikufunika n'chakuti anthu achilandire popanda phokoso. M'Chichewa ziwirizi zimanenedwa mosiyana. "Tikufuna kumva maganizo anu pa ganizo lochepetsa chiwerengero" ndi kuitana anthu kuti akambirane, ndipo gulu likhoza kukhala tsiku lonse n'kubwera ndi yankho lakuti onse 40 agawane mbewu yochepayo. Ngati pambuyo pake mudzawauze kuti zimenezo sizingatheke chifukwa nkhaniyo inatha kale, adzanena kuti munawaseweretsa, ndipo adzakhala akunena zoona. "Chiwerengero chatsika kufika pa 25, ndipo tikupempha gulu kuti likambirane mmene 25 amenewo asankhidwire" ndi uthenga wopweteka koma woongoka, ndipo ukusiya m'manja mwa gulu mbali imene lilidi ndi mphamvu pa iyo. Simungasankhe chiganizo choyenera pa ziwirizi mwa kungoyang'ana imeloyo. Funsani.

Liwu lakuti `outstanding` kusukulu tinaliphunzira ngati loyamikira wophunzira amene wakhoza bwino koposa, koma pa nkhani ya ndalama limanena za chinthu chimene chatsala, chimene sichinaperekedwe kapena sichinalipidwe. Malisiti amenewa, tsono, si abwino koposa ayi, ndi amene sanafike kapena sanaunikidwe. `Sign off` ndi kuvomereza kuti zonse zili m'malo mwake, ndipo amene amavomereza amakhala mkulu wa zandalama, osati mlimi. Pano samalani ndi liwu lakuti "kusainira," chifukwa kumudzi, kumene anthu anazolowera misonkhano ya mabungwe, kusainira ndi kulemba dzina pa pepala polandira alawansi kapena katundu. Mukalemba kuti "malisiti afunika kusainidwa," mukhoza kupeza komiti yonse yabwera ndi zolembera ikuyembekezera kulandira kanthu. Chiganizo chonsecho chalembedwanso mobisa wochita: sichikunena kuti malisitiwo ali kwa yani, ndani awatumize, ndipo ndani awavomereze. Chichewa nacho chimatha kubisa wochita, monga pa mawu akuti "atumizidwe" kapena "avomerezedwe," kotero n'kosavuta kusamutsa chifunga chonsecho kuchoka m'Chingerezi kulowa m'Chichewa osazindikira. Chiganizo chilichonse chopempha ntchito chikhale ndi mwini wake: msungichuma wa gulu, mlembi, kapena inuyo. Ndipo ngati malisitiwo atapezeka kuti ali mu ofesi yanu yomwe, nkhani imeneyi isalowe n'komwe m'kalata, kuopa kuti gulu lingadzimve kuti ndilo lachedwetsa ndalama pamene silinalakwe.

`Tranche` ndi `draw down` musavutike nazo. A wapampando safunika kudziwa dzina la njira imene ndalama zimatulukira ku banki. Chimene afunika kudziwa n'chakuti ndalama za ntchitoyi zimabwera m'magawo, gawo loyamba linabwera, lachiwiri silinafike, ndipo silingatuluke mpaka malisiti a gawo loyamba ataonedwa. `Pilot` nayo si woyendetsa ndege, koma ntchito yoyamba ndi anthu ochepa pofuna kuona ngati ingayende, ndipo popeza gulu limaidziwa kale ntchitoyo, ingoitchulani ndi dzina limene iwo amaitchula pa misonkhano yawo.

Chiganizo cha thiransipoti ndicho chimene ndimachiopa kuposa zonse, chifukwa chinandigwetsapo. Zaka zapitazo ndinkamasulira kalata ya bungwe lina yopita kwa anthu ogwira ntchito mongodzipereka, amene anali atapempha njinga. Yankho la Chingerezi linali lakuti `we will look into it`, ndipo ine, pofuna kuti zimveke mwaulemu, ndinalemba kuti "za njinga tikuganizirani." Patapita miyezi itatu anthu aja anatumiza nthumwi kudzafunsa tsiku lolandirira njinga zawo, ndipo ena anali atagwirizana kale za mmene azidzabwerekanira. Sanamve molakwa. M'Chichewa munthu akati "mutiganizireko" amakhala akupempha kanthu, ndipo ukamuyankha kuti "tikuganizirani" wavomera. Wolakwa ndinali ine, amene ndinasandutsa kufufuza kukhala lonjezo. Mbali inayo ilinso ndi dzenje lake: mukalemba kuti "tiona," ambiri amva kuti mwakana mwaulemu, ndipo sadzafunsanso ngakhale ndalamazo zitapezeka. `Looking into` ali pakati pa ziwirizi, ndipo Chichewa chilibe liwu limodzi loima bwino pakatipo, choncho pamafunika ziganizo ziwiri kapena zitatu: nkhaniyi ikufufuzidwa, yankho silinabwere, ndipo pakadali pano gulu likonzekere ngati kuti ndalamazo palibe. Chiganizo chomalizachi ndicho chimene mlimi angathe kuchitapo kanthu.

Musanalembe kalata, tsono, bwezani imelo yaifupi kwa anzanu akunjawo yokhala ndi mafunso atatu: tsiku lenileni la pa kalendala limene akuyembekezera ndalama, ngati chiwerengero cha 25 chatsekedwa kapena gulu lingathe kupereka ganizo lina, ndi malisiti ake enieni pamodzi ndi amene akuyenera kuwatumiza. Ena amachita manyazi kufunsa poopa kuoneka ngati Chingerezi chawavuta. Mafunso amenewa si a Chingerezi ayi, ndipo ngakhale Mngelezi weniweni atalandira imelo yomweyo sangadziwe mayankho ake popanda kufunsa.

Tiyerekeze kuti akuyankhani motere: ndalama akuziyembekezera pofika pa 30 Sepitembala, chiwerengero cha 25 chatsekedwa chifukwa ndalama zachepa koma gulu lisankhe lokha anthu ake, ndipo malisiti otsala ndi atatu a matumba amene gulu linagula ndi ndalama za gawo loyamba. Tiyerekezenso kuti mbewu inayenera kufika mu Ogasiti, ndipo inu ndi abwana anu mwagwirizana masiku otumizira zinthu. Kalata yake ingakhale yotere:

> Kwa a Wapampando,
>
> Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi mamembala onse. Kuno tili bwino. Ndalemba kalatayi kuti ndikudziwitseni zinthu zinayi zokhudza ntchito yathu ya mtedza.
>
> Choyamba, mbewu imene tinanena kuti ifika mu Ogasiti ichedwa. Ntchito sinathe ayi, ikupitirira. Chachedwetsa ndi gawo lachiwiri la ndalama, limene silinafike. Tikuyembekezera kuti lifika pofika pa 30 Sepitembala, koma tsikuli silinatsimikizike. Ndalama zikafika tidzagula mbewu, ndipo ndidzakuuzani tsiku lobweretsa.
>
> Chachiwiri, ndalama zachepa, choncho alimi olandira mbewu chaka chino akhala 25, osati 40. Izi zikutanthauza kuti alimi 15 salandira. Pepani kwambiri chifukwa cha kusintha kumeneku. Chiwerengerochi sitingathe kuchisintha, ndipo sichinachokere kwa inu a Wapampando kapena kwa komiti. Tikupempha gulu kuti likumane ndi kugwirizana mmene alimi 25 asankhidwire, ndipo a mlembi atitumizire mayina pofika pa 31 Ogasiti.
>
> Chachitatu, tikupempha a msungichuma kuti atitumizire malisiti atatu a matumba amene gulu linagula, pofika pa 15 Ogasiti. Gawo lachiwiri la ndalama silingatuluke malisiti amenewa asanaonedwe. Ngati ena anatayika, tiuzeni msanga kuti tithandizane.
>
> Chachinayi, za ndalama ya thiransipoti, yankho silinabwere. Nkhaniyi ikufufuzidwa, koma palibe lonjezo. Pakadali pano gulu likonzekere ngati kuti ndalama imeneyi palibe.
>
> Ndidzakuimbirani foni kuti tikambirane musanaitane msonkhano. Zikomo kwambiri.

Muona kuti kalatayi yatalika kuposa imelo ija pafupifupi katatu, ndipo zimenezo zisakudetseni nkhawa. Imeloyo inafupika chifukwa wolemba ndi wowerenga ankadziwa zinthu zambiri zofanana, pamene a wapampando alibe bajeti ya pulojekiti patsogolo pawo. Moni wa kumayambiriro sungachotsedwe, popeza kalata yolowa m'nkhani yoipa popanda kufunsa za moyo imamveka ngati chisamani. Koma moniwo ukhale wa mizere iwiri, chifukwa ulemu ukachuluka umakwirira uthenga, ndipo ndaonapo makalata okoma kwambiri moti owerenga anamaliza osazindikira kuti akanizidwa. Mawu akuti "pepani" ndawaika kamodzi kokha, pamalo pamene pali chopepesera chenicheni. Chiganizo chonena kuti chiwerengerochi sichinachokere kwa a wapampando munalibe mu imelo, koma ndi choona, ndipo chikuwateteza ku mphekesera yakuti ndiwo achotsa anzawo kuti akondere abale awo. Kuwonjezera kotere n'kololedwa ngati zili zoona ndipo abwana anu aziona. Chosaloledwa ndi kuwonjezera chitonthozo chimene palibe amene wachivomereza, monga kunena kuti alimi 15 otsalawo adzalandira chaka chamawa. Mtima umafuna kulemba zimenezo, koma chaka chamawa chikadzafika adzakufunsani inuyo, osati anzanu akunja aja.

Pa mawu obwereka, muyeso wanga ndi wosavuta: ngati ndinamvapo a wapampando kapena anthu onga iwo akulitchula okha liwulo, ndimalisiya. Malisiti, komiti, thiransipoti ndi foni ndi Chichewa cha tsiku ndi tsiku, ndipo kuyesa kupeka mawu ena oti alowe m'malo mwake kumangosokoneza. Manambala ndi masiku lembani m'zizindikiro monga 25 ndi 30 Sepitembala, chifukwa ndi mmene anthu amazionera pa malisiti ndi pa makadi, ndipo pa kalata yeniyeniyo muwonjezere dzina la tsiku, monga Lachisanu, mutayang'ana pa kalendala. Pewani mawu akuti "posachedwa" ndi "masiku akubwerawa," amene kwa inu angatanthauze miyezi iwiri pamene kwa mlimi akutanthauza sabata ino.

Mukamaliza kulemba, musadziyese nokha, chifukwa inu munawerenga Chingerezicho ndipo mutu wanu udzadzaza mipata imene kalatayo yasiya. Pezani munthu amene sanaione imeloyo, kaya ndi mlonda wa pa ofesi kapena mayi wogulitsa mandasi pa geti, mumuwerengere mokweza kamodzi kokha, kenaka mumufunse kuti akuuzeni ngati mbewu ibwera kapena ayi, kuti olandira ndi angati, kuti msungichuma achite chiyani pofika liti, ndiponso ngati ndalama ya thiransipoti ilipo. Akayankha kuti thiransipoti "akuti atipatsa," ndiye kuti chiganizo chanu chapendekera ku lonjezo, ndipo chikonzedwe. Akanena kuti ntchito yatha, ndime yoyamba yalephera. Pamene inu mwapuma pakati pa chiganizo chifukwa mpweya wakutherani, dulani chiganizocho pawiri, popeza mlembi wa gulu nayenso adzapumira pomwepo ndipo omvera adzataya ulusi wa nkhani.

Za katumizidwe, uthenga wochotsa anthu 15 usafike kwa a wapampando koyamba ngati malemba pa foni. Aimbireni, muwafotokozere pakamwa, mumve mafunso awo, ndipo kalatayo ibwere pambuyo ngati umboni woti akawerenge pa msonkhano. Ngati foni yawo ndi yaing'ono yosalandira zithunzi, kumbukirani kuti uthenga umodzi wa `SMS` umanyamula zilembo 160 zokha, ndipo kalata yaitali ikagawika m'zidutswa zambiri chidutswa china chikhoza kuchedwa kapena kufufutidwa. Pamenepo ndi bwino kuisindikiza pa pepala n'kuipatsira alangizi a zaulimi a m'deralo kapena munthu wodalirika wopita komweko. Sungani imelo ya Chingerezi, mayankho a mafunso anu atatu aja, ndi kalata ya Chichewa pamalo amodzi, ndipo anzanu akunjawo muwatumizire mwachidule zimene mwauza gulu, kuti ngati pali pamene simunamvane atulukire msonkhano usanachitike.

Kalata ngati iyi mungathe kuilemba nokha, koma pali malire. Tsiku limene imelo idzabwere ndi chikalata choti gulu lisaine, kaya ndi cha ngongole ya mbewu yobweza pokolola, cha mtengo wogulira mtedza, cha malo, kapena malangizo a kathiridwe ka mankhwala a mbewu, njira yofotokoza m'mawu anuanuyi siikwaniranso, chifukwa pamenepo liwu lililonse limamanga munthu kapena likhoza kumuvulaza. Zikalata zotere zimasuliridwe zonse, ndime ndi ndime, ndi womasulira wodziwa ntchito yake, ndipo munthu wachiwiri amene sanaone Chingerezicho azibwezere m'Chingerezi kuti mufananitse ndi choyambirira. Likulu loona za ziyankhulo la Yunivesite ya Malawi ku Zomba ndi amodzi mwa malo amene mungafunseko za omasulira, ndipo ngati chikalatacho chikukhudza ngongole kapena malo, chionedwenso ndi wodziwa malamulo gulu lisanaikepo chidindo. Pa imelo ya leroyi, chofunika mwamsanga ndi yankho la funso la `Q3` lija. Likabwera kuti ndi 31 Disembala, ndime yoyamba ya kalata ija isinthe yonse: muwauze a wapampando momveka kuti mbewu ya bungwe singathe kufika mvula yodzalira isanagwe, ndipo aliyense mwa alimi 40 aja ayambe kufuna yake.